Makamera anayi m'shopu yaing'ono ku Harare: kaikidwe kake ndi disiki yosunga mwezi wathunthu

Funso ili labwera kokwanira, kuchokera kwa abale a magolosale ku Highfield, a matakishopu ku Mbare ndi ku Epworth, ngakhale a masaluni m'tauni: "Ndigule makamera otani, nanga disiki ikhale yaikulu bwanji kuti izisunga mwezi?" Ndalemba pano kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera. Yankho lachidule ndi lakuti shopu ya makamera anayi, ojambula usana ndi usiku, imafuna disiki ya 4 TB, osati ya 1 TB imene nthawi zambiri imabwera m'bokosi limodzi ndi makamera. Koma nambala imeneyi imakhala yoona pokhapokha mutaikamo nokha muyezo wa kajambulidwe, ndipo n'chifukwa chake gawo 4 ndi gawo 6 ndi aatali kuposa ena onse.

Chitsanzo chathu chikhale golosale ya chipinda chimodzi ku Machipisa: khomo limodzi lolowera, kauntala imodzi yolandirira ndalama, mashelefu, ndi kachipinda kosungira katundu kumbuyo.

1. Sankhani mtundu wa rekoda

Rekoda ndi kabokosi kamene makamera onse amalumikizidwako, ndipo disiki imakhala m'kati mwake. Pa bokosi mudzaona palembedwa DVR kapena NVR. DVR imagwira ndi waya wozungulira wonga wa dishi ya kanema, ndipo kamera iliyonse imafunanso moto wake wa 12V. NVR imagwira ndi waya wa netiweki, Cat5e kapena Cat6, ndipo ikakhala ndi madoko olembedwa PoE, waya mmodzi yemweyo amanyamula chithunzi ndi moto womwe. DVR ndi yotsika mtengo. NVR ya PoE ndi yosavuta kuika, komanso kunja kwa rekoda kulibe tizipangizo ta moto toti tizifa kamodzikamodzi. Ngati mukuyamba kumene, ine ndinganene kuti mutenge NVR ya PoE. Waya aliyense asapitirire mamita 100, malire amene m'shopu yaing'ono simungawafike.

Musanapereke ndalama, onani zinthu ziwiri pa pepala la rekodayo: ngati imadziwa H.265, njira yatsopano yopanikizira kanema, komanso kukula kwa disiki imene imalandira. Zina zakale zimathera pa 4 TB kapena 6 TB. Ngati mukuganiza zowonjezera makamera chaka chamawa, gulani ya madoko 8 lero.

Waya akhale wa kopa weniweni. Pali wotchipa wolembedwa CCA, amene m'kati mwake ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa. Masana amagwira bwinobwino, koma usiku nyali za kamera zikayaka, moto umachepa ndipo kamera imazima n'kuyakanso. Mukaona kamera imene imangosowa usiku wokhawokha, yambani kukayikira waya.

2. Ikani kamera iliyonse pa ntchito yake

Cholakwika chofala ndi kupachika makamera onse m'makona pafupi ndi denga. Chithunzi chimaoneka chokongola, shopu yonse ikuoneka, koma tsiku la vuto mumangoona nsonga za zipewa.

Kamera ya pakhomo ntchito yake ndi nkhope. Ikhale m'kati, pa msinkhu wa mamita 2.2 mpaka 2.5, yoyang'ana munthu akamalowa kapena akamatuluka. Popeza kumbuyo kwa munthuyo kumakhala kuwala kwa panja, yatsani WDR, yolinganiza kuwala ndi mdima pa chithunzi, pa kamera imeneyo, apo ayi aliyense wolowa masana azioneka ngati mthunzi wakuda. Diso la 4 mm ndi labwino pano kuposa la 2.8 mm, chifukwa limayandikitsa nkhope.

Kamera ya pakauntala ntchito yake ndi manja ndi ndalama. Kuno ku Harare iyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa madola a ku Amereka onse ndi ofanana kukula, ndipo mkangano wa "ndinakupatsani 20" pamene wogulitsa akuti "munandipatsa 1" umathetsedwa ndi chithunzi chooneka nambala ya pa ndalamayo. Ikhale pamwamba, chapambali pang'ono, mamita osapitirira 2 kuchokera pamene ndalama zimawerengedwa. Yesani ndi ndalama yeniyeni: igonekeni pa kauntala, mukaone pa sikirini ngati ikuwerengeka. Koma isaloze pamene kasitomala amalemba nambala yake yachinsinsi ya khadi kapena ya EcoCash.

Ya m'mashelefu ikhale ya 2.8 mm, yoona motambalala. Yachinayi iyang'ane khomo la kosungira katundu. Kuchimbudzi ndi kosinthira zovala musaikeko kamera. Matani chikwangwani pakhomo chodziwitsa anthu kuti akujambulidwa, ndipo antchito anu muwauze poyera. Zimbabwe ili ndi lamulo la 2021 loteteza zinsinsi za anthu, loyang'aniridwa ndi bungwe la boma la POTRAZ, choncho zojambulazo si zomwaza pa magulu a WhatsApp.

3. Bisani rekoda

Wakuba wodziwa amayamba kunyamula rekoda, ndipo ikapita, mwezi wanu wonse wapita nayo. Isakhale pansi pa kauntala. Iikeni m'kabati yachitsulo yokhoma, yokhomeredwa kukhoma, yokhala ndi mabowo opitira mpweya. M'denga la malata musaikemo, kutentha kwa mu Okutobala kumapha disiki msanga. Ngati mukufuna sikirini pakauntala, kokani waya wa HDMI kuchokera kobisikako.

4. Werengani kukula kwa disiki musanagule

Apa ndi pamene ogulitsa ambiri amangoti "1 TB imakwana, abwana." Kodi imakwana masiku angati, pa muyezo uti? Chimene chimadya disiki si kuchuluka kwa makamera kokha, kapena nambala ya MP, yonena kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi, yolembedwa pa bokosi. Ndi bitireti, kutanthauza kuchuluka kwa deta imene kamera imatumiza pa sekondi iliyonse. Pa sikirini imalembedwa `Bitrate` kapena `Max. Bitrate`, mu Kbps. Disiki ili ngati thanki ya madzi, kamera iliyonse ndi mpopi wothiramo. Thanki ikadzaza, madzi akale amatayika kuti atsopano alowe. Funso ndi lakuti mipopiyo mwaitsegula motani.

Masamu ake ndi awa. 1,000 Kbps ndi 1 Mbps. Kamera yotumiza 1 Mbps imalemba 0.125 MB pa sekondi, ndipo tsiku lili ndi masekondi 86,400, choncho imadya 10.8 GB pa tsiku.

```
GB pa tsiku = Mbps x 10.8
GB pa masiku 30 = Mbps x 324
```

Tsopano golosale yathu ija. Ya pakauntala ndi ya pakhomo ndi za 4 MP, ndipo iliyonse tiipatsa 3 Mbps. Ya m'mashelefu ndi ya kosungira katundu ndi za 2 MP, iliyonse 2 Mbps. Miyezo imeneyi ndi yokwanira pa H.265 ndi zithunzi 15 pa sekondi. Tikaphatikiza, 3 + 3 + 2 + 2 ndi 10 Mbps. Pa tsiku ndi 108 GB, pa masiku 30 ndi 3,240 GB. Onjezani 20 pa 100 iliyonse monga malo opumira, mupeza 3,888 GB. Disiki yake ndi ya 4 TB.

Yesani masamu omwewo pa disiki zing'onozing'ono. Ya 1 TB, 1,000 kugawa ndi 108, ikusungirani masiku 9. Ya 2 TB masiku 18. Eni shopu ambiri amawerenga katundu kumapeto kwa mwezi, ndipo ndi pomwe amazindikira kuti makatoni a mafuta ophikira akupereŵera. Akapita pa rekoda ya 1 TB kukafuna za pa 8, amapeza kuti zinafufutidwa kalekale.

Malo opumirawo ali ndi zifukwa zake. Miyezi ina ili ndi masiku 31. Nambala za pa sikirini zimakhala 2048 ndi 3072 osati 2000 ndi 3000, zomwe zimawonjezera pang'ono. Marekoda ena amasunganso chithunzi chaching'ono cha pafoni, chotchedwa `Sub-stream`, pambali pa chachikulu. Ndipo disiki ikadzaza, rekoda imafufuta zigawo zikuluzikulu nthawi imodzi, kotero tsiku lakale kwambiri limakhala lodukaduka.

Chimene chimasintha masamu onsewa ndi H.264 ndi H.265. Izi ndi njira ziwiri zopanikizira kanema. Ya H.264 ndi yakale, ndipo kuti ipereke chithunzi chofanana imafuna bitireti pafupifupi kuwirikiza kawiri. Golosale yomweyo pa H.264 ifuna cha m'ma 20 Mbps, ndiye 6,480 GB pa mwezi, disiki ya 8 TB. Koma samalani: kusintha kuchoka pa H.264 kupita pa H.265 n'kusiya nambala ya bitireti pomwe inali sikupulumutsa malo ochuluka, ndipo pa `Constant`, pamene kamera imadya chimodzimodzi nthawi zonse, sikupulumutsa kanthu. Muyenera kuitsitsa nokha nambalayo.

Ena amafunsa ngati kujambula pokhapokha pakagwedezeka chinthu kungawapulumutse ku disiki yaikulu. Pa kamera ya kosungira katundu, inde. Ngati kumeneko kumakhala anthu maola 6 pa tsiku, 648 GB yake ya pa mwezi itsika kufika 162 GB. Zonse pamodzi zikhala 2,754 GB, zomwe sizikulowabe mu 2 TB, ndipo mu 3 TB zikungolowa mothinana. Ya pakauntala ndi ya pakhomo musaziike pa njira imeneyi: rekoda imachedwa kudzuka kapena imadula pakati, ndipo masekondi osowawo amakhala omwewo amene dzanja linalowa m'kabati ya ndalama. Panja pa shopu siithandizanso kwenikweni, chifukwa nyali za makombi, mvula ndi tizilombo touluka pa nyali ya kamera zimaidzutsa usiku wonse.

Mtundu wa disiki nawo ndi wofunika. Gulani yopangidwira makamera, ya mainchesi 3.5 ya SATA, monga WD Purple, Seagate SkyHawk kapena Toshiba S300. Izi zinapangidwa kuti zizilemba osapuma. Ya pakompyuta wamba imagwira, koma sinapangidwire ntchito ya usana ndi usiku. Mukaiika, tsegulani tsamba la `S.M.A.R.T.` muone `Power-On Hours`. Yatsopano iyenera kuonetsa maola ochepa chabe. Mukaona masauzande, disikiyo inagwirapo ntchito kwina, ngakhale ikhale m'pulasitiki yowala.

5. Lumikizani ndi kuyatsa koyamba

Rekoda ili yozima, tsegulani chivundikiro, mangani disiki ndi masikuluwu ake anayi, lumikizani timawaya tiwiri, ka deta ndi ka moto. Yesani makamera onse patebulo ndi mawaya afupiafupi musanakwere makwerero.

Ikayaka, idzafuna mawu achinsinsi atsopano. Asakhale 12345 kapena dzina la shopu. Alembeni m'buku la kunyumba, ndipo ngati wakuikirani ndi munthu wina, asinthe pamaso panu kuti akhale anu. Wantchito mupatseni akaunti yongoonera, yosatha kufufuta kapena kusintha kanthu.

Kenako nthawi. Sankhani `GMT+02:00`, pamene pamalembedwa Harare, Pretoria. `DST` ikhale yozima popeza kuno sitisintha mawotchi, ndipo ngati pali intaneti yatsani `NTP` kuti nthawi izidzikonza yokha. Nthawi yolakwika imafooketsa umboni ku polisi, komanso imasokoneza kufufuza. Mukaona kuti magetsi akabwerera deti yabwerera ku chaka chakalekale monga 1970 kapena 2000, kabatire kozungulira ka m'kati mwa rekoda katha, kasintheni.

Pitani pa `HDD` kapena `Storage`, sankhani disiki, dinani `Init` kapena `Format`. Popanda izi makamera azioneka pa sikirini koma palibe chikusungidwa, ndipo marekoda ambiri amangolira kuti piii osaleka. Onetsetsani kuti `Overwrite` yayatsidwa, apo ayi disiki ikadzaza kujambula kumaima. Disiki ya 4 TB idzaoneka ngati 3,726 GB kapena 3.63 TB. Simunaberedwe, wopanga amawerenga ndi 1,000, rekoda imawerenga ndi 1,024.

6. Ikani miyezo, kenako yesani ngati mwezi ukukwanadi

Masamu a gawo 4 ndi lonjezo chabe mpaka mutalowetsa manambalawo. Rekoda yatsopano imabwera ndi miyezo yakeyake, kawirikawiri zithunzi 25 pa sekondi ndi bitireti yokwera. Pitani pa `Encode` kapena `Video Parameters`, ndipo pa kamera iliyonse, pa `Main Stream`, ikani motere:

```
Video Encoding: H.265
Frame Rate: 15
Bitrate Type: Variable
Max. Bitrate: 3072 (4 MP) / 2048 (2 MP)
```

Zithunzi 15 pa sekondi zimakwana kuona dzanja likulandira ndalama ndi kubweza chenji. Musatsike pansi pa 12 pakauntala. Kosungira katundu 10 ndi zokwanira. `Variable` imatanthauza kuti kamera imadya pang'ono pakakhala bata ndi kukwera mpaka pa malire pakakhala piringupiringu. Popeza tawerengera pa malirewo, zenizeni zimakhala pansi pake. Ndi `Constant` imadya chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo masamu amagwera ndendende. Ikaninso 50 Hz kapena `PAL`, kuti mababu a m'shopu asapange mizere yoyenda pa chithunzi. Marekoda ena amaika makamera onse pa `Motion` kapena amasiya ndondomeko yopanda kanthu, ndiye tsegulani `Schedule` muone kuti masiku onse 7, maola onse 24, ali pa `Continuous`.

Tsopano kuyesa, kumene anthu ambiri sachita. Disiki ikadali yatsopano, lembani `Free Space` ndi nthawi. Mawa nthawi yomweyo lembaninso. Kusiyana kwake ndi chakudya cha tsiku limodzi. Gawani kukula kwa disiki kooneka pa sikirini ndi nambala imeneyo. Pa golosale yathu, ngati makamera onse akudya mpaka pa malire, malo atsika ndi pafupifupi 103 GB pa sikirini, ndipo 3,726 kugawa ndi 103 ndi masiku pafupifupi 36. Malire ofiira ndi 124 GB pa tsiku: mukapitirira pamenepo, masiku 30 sakwana. Yesani masiku angapo, kuphatikizapo Loweruka lotanganidwa, ndipo tsiku limene rekoda inazimapo musaliwerengere.

Mukapeza kuti ikudya kwambiri, onani kaye ngati kamera ina yatsala pa H.264, zimachitika makamaka kamera ikakhala ya kampani yosiyana ndi rekoda, ndipo imakana miyezo yochokera ku rekodayo. Pamenepo muyenera kulowa mu kamerayo payokha. Mukapeza kuti usiku ukudya mofanana ndi masana pamene shopu ili yotseka, vuto ndi mdima: chithunzi cha mumdima chimadzaza timadontho tonyezimira, ndipo kamera imatiyesa zinthu zoyenda. Kusiya babu limodzi la LED loyaka m'shopu kumachepetsa zimenezi ndipo nkhope zimaoneka bwino.

Ngati muyenera kudula, dulani bitireti ya m'mashelefu ndi ya kosungira katundu. Ya pakauntala musaikhudze. Bitireti ikachepa kwambiri, mashelefu amaonekabe bwino chifukwa sayenda, koma munthu woyenda amasanduka timabokosi. Choncho yesani ndi munthu akuyenda mofulumira, mubwezere kanemayo, muimitse, muone ngati nkhope ikuzindikirika.

Disiki ikadzaza, `Free Space` imangoonetsa 0 kapena kanambala kochepa, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Kuyambira pamenepo muyeso wanu ndi kalendala ya pa `Playback`: tsiku lakale kwambiri lokhala ndi chizindikiro liyenera kukhala la masiku 30 apitawo kapena kuposa.

7. Magetsi

Disiki ya 4 TB ilibe phindu ngati rekoda imazima ZESA ikachotsa magetsi, ndipo akuba nawo amadziwa nthawi ya mdima. Rekoda, disiki ndi makamera anayi zimadya mawati pafupifupi 40 usiku, ndipo tikawerengera zotayika mu invata tinene 50. Kwa maola 8 ndi 400 Wh. UPS yaing'ono ya pakompyuta, ya batire la 12V 7Ah, ili ndi 84 Wh yokha, kotero imathandiza pa kuthima kwa kanthawi basi. Batire la 12V 100Ah lili ndi 1,200 Wh; likakhala la jelo kapena la asidi mugwiritse theka, 600 Wh, omwe ndi maola pafupifupi 12. La lithiyamu limalola kuligwiritsa kwambiri. Firiji ya zakumwa isakhale pa batire lomwelo.

Yesani pozimitsa magetsi pa switchi yaikulu muone ngati rekoda ikupitiriza osayambiranso. Kuzima mwadzidzidzi disiki ikulemba kumawononga zojambula, ndipo kukachuluka kumawononga disiki. Ikaninso choteteza ku magetsi okwera, chifukwa cha mphezi za dzinja kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi kugunda kwa magetsi akamabwerera.

8. Foni ndi kutulutsa umboni

Kuti muzionera pa foni, lumikizani rekoda ku rauta, yatsani `P2P` kapena `Platform Access`, mujambule khodi ya QR ndi pulogalamu ya kampaniyo, monga Hik-Connect pa Hikvision kapena DMSS pa Dahua. Akaunti ikhale ya nambala yanu kapena imelo yanu, osati ya wokuikirani, chifukwa kuichotsa pa akaunti ya munthu wina n'kovuta. Kujambula sikufuna intaneti. Bandulo imadyedwa mukamaonera basi: `Sub-stream` ya 512 Kbps imadya 230 MB pa ola, pamene `Main Stream` ya 3 Mbps imadya 1,350 MB.

Phunzirani kutulutsa kanema tsiku la vuto lisanafike. Lowetsani fulashi, pitani pa `Export` kapena `Backup`, sankhani kamera ndi nthawi, mutenge MP4 ngati ilipo. Yambani mphindi 10 chinthu chisanachitike, mumalize mphindi 10 chitachitika. Fulashi ya FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, ndiye tulutsani m'zigawo. Kompyuta zakale zina zimakana kusewera H.265, koma pulogalamu ya VLC imasewera. Pangani makope awiri, limodzi la apolisi, lina lanu, ndipo chitani zimenezi tsiku lomwelo mwazindikira vuto, chifukwa rekoda ikupitiriza kufufuta masiku akale ola lililonse.